Phunziro la Bizinesi: Kudziwiratu Sabata Imene Ndalama Zidzathe mu Golosale

Chaka chilichonse Januwale akafika pakati, timamva dandaulo limodzimodzi kwa makolo amene ali ndi magolosale ndi maokala kuno kwa Dzoole. Amati, "Pa Khirisimasi ndinagulitsa kwambiri, koma lero ndilibe ngakhale yokaodera shuga ku Mponela. Ndalama zapita kuti?" Ena amayamba kukayikira mwana amene amawagulitsira, ena amaloza zala oyandikana nawo. Koma nthawi zambiri palibe amene waba. Kungoti ndalama zinalowa sabata ina, zolipira zikuluzikulu n'kudzaunjikana sabata ina, ndipo mwini golosale sanazione zikubwera.

M'phunziro la lero tiona m'mene tingawerengere tebulo lolosera ndalama zolowa ndi zotuluka, kuti sabata yovutayo tiidziwe kudakali mwezi wathunthu. Ophunzira a Bizinesi akumana nalo tebuloli m'kalasi, koma tikupempha makolo ndi a komiti kuti nawonso atenge cholembera titsatire limodzi.

Tebuloli limanena chiyani

Tebulo lolosera si kope lolembamo zimene zachitika kale. Ndi pepala limene mwini bizinesi amalembapo zimene akuyembekeza m'masabata akubwerawa. Sabata iliyonse ili ndi manambala anayi: ndalama zimene wayamba nazo Lolemba m'mawa, zimene zilowe m'sabatayo, zimene zituluke, ndi zimene zitsale sabata ikamatha. Masamu ake ndi awa:

Zoyambira + Zolowa − Zotuluka = Zotsala

Zotsala za sabata ino ndizo zoyambira za sabata yamawa. N'chifukwa chake masabata onse ndi olumikizana ngati unyolo, ndipo zimene mwachita mu Disembala zimakupezani mu Januwale.

Lamulo lalikulu la tebuloli ndi limodzi: timalemba ndalama pa sabata imene yagwiridwa m'manja kapena yachoka m'manja, osati pa sabata imene katundu wachoka pa shelefu. Mphunzitsi akatenga sopo, mafuta ophikira ndi shuga pa ngongole pa 10 Januwale n'kudzalipira kumapeto kwa mwezi, ndalama yake imalembedwa kumapeto kwa mwezi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya m'kope la ngongole ndi fodya wa pachala: simungapite nayo kukaoda katundu. Koma imene ili pa Airtel Money kapena pa Mpamba timaiwerengera limodzi ndi ya m'kabati, chifukwa mutha kulipirira lero lomwe.

Golosale yathu yachitsanzo

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi golosale pa kamsika ka kuno kwa Dzoole. Manambala ake tawakonza ife kuti tiphunzirirepo, koma kayendedwe kake ndi kamene tonse timakadziwa. Mayiyu amaoda katundu ku Mponela kamodzi pa sabata, ndipo ulendowo umamudyera K15,000. Sabata iliyonse amatapa K45,000 ya pakhomo. Lendi ya golosale ndi K60,000, amalipira sabata yomaliza ya mwezi. Ali ndi aphunzitsi ndi azaumoyo angapo amene amatenga zinthu pa ngongole n'kulipira akalandira. Kumayambiriro kwa Disembala wakhala pansi ndi mwana wake wa Folomu 3, ndipo alemba masabata asanu ndi atatu motere:

| Sabata | Zoyambira | Zolowa | Zotuluka | Zotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1. Disembala, yachiwiri | K180,000 | K420,000 | K400,000 | K200,000 |
| 2. Disembala, yachitatu | K200,000 | K480,000 | K620,000 | K60,000 |
| 3. Disembala, yachinayi | K60,000 | K820,000 | K430,000 | K450,000 |
| 4. Januwale, yoyamba | K450,000 | K350,000 | K560,000 | K240,000 |
| 5. Januwale, yachiwiri | K240,000 | K300,000 | K500,000 | K40,000 |
| 6. Januwale, yachitatu | K40,000 | K270,000 | K400,000 | −K90,000 |
| 7. Januwale, yachinayi | −K90,000 | K410,000 | K350,000 | −K30,000 |
| 8. Febuluwale, yoyamba | −K30,000 | K330,000 | K280,000 | K20,000 |

Yambani ndi mzere wakumapeto

Anthu ambiri akaona tebulo ngati ili maso amathamangira pa K820,000 ya sabata ya Khirisimasi. Ife timauza ophunzira athu kuti aphimbe kaye mizere yonse ndi dzanja, asiye wa zotsala wokha, kenako autsike ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akamatsika adzifunse mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera ikuyamba kuoneka sabata iti? Pano ndi sabata 6, yachitatu ya Januwale. Chizindikirocho sichitanthauza kuti m'kabati mudzakhala ndalama yochepera ziro, chifukwa zimenezo sizichitika. Chikutanthauza kuti pa zinthu zimene mayiyu akufuna kulipira sabata imeneyo, za K90,000 zidzasowa ndalama. Mwina adzabwerako ku Mponela ndi katundu wochepa, mwina pakhomo padzasowa ndiwo, mwina wina amene akumudikira ndi ngongole adzabwerera chimanjamanja.

Funso lachiwiri: kodi dzenjeli ndi lakuya bwanji? Apa pali msampha umene umagwira ophunzira ambiri pa mayeso. Amaphatikiza K90,000 ya sabata 6 ndi K30,000 ya sabata 7 n'kunena kuti mayiyu akusowa K120,000. Ayi. K90,000 ija yalowa kale m'sabata 7 ngati zoyambira, ndipo K30,000 ndi chotsalira cha dzenje lomwe lija litakwiririka pang'ono. Kuya kwa dzenje ndi nambala yaikulu kwambiri mwa zokhala ndi chizindikiro chochotsera, basi. Pano ndi K90,000.

Funso lachitatu: kodi dzenjeli likutenga masabata angati? Likuyamba sabata 6, likupitirira sabata 7, ndipo sabata 8 golosale yatulukamo, ngakhale ndi K20,000 yokha. Ili ndi dzenje la kanthawi. Zikanakhala kuti nambala yochotsera ikukulirakulira sabata ndi sabata osabwerera, tikanadziwa kuti vuto si la nthawi yolipirira, koma kuti bizinesiyo ikudyedwa mpamba.

Ziro si malire abwino

Golosale siyenda ndi kabati yopanda kanthu. Pamafunika chenji chobwezera ogula, ndiponso kangachepe kothandizira tsoka likagwa, monga mwana kudwala usiku kapena wa kabaza kukweza mtengo chifukwa cha matope. Choncho mwini golosale aliyense adziikire malire ake. Tinene kuti mayi wathuyu waika K50,000.

Tikatsikanso ndi chala tili ndi malire amenewa, chithunzi chikusintha. Sabata 5 ili ndi K40,000, ndiye kuti mavuto ayamba kale sabata imodzi chizindikiro chochotsera chisanaoneke. Sabata 8 nayo, ndi K20,000 yake, sinachire. Masabata oopsa tsopano ndi anayi, osati awiri.

Taonaninso sabata 2. Ikutha ndi K60,000, pamwamba pa malire pang'ono, koma mkati mwake muli chobisika. Sabata imeneyi mayiyu akufuna kuoda katundu wa Khirisimasi wa K560,000, pamene Lolemba m'mawa ali ndi K200,000 yokha. K480,000 yolowayo sibwera tsiku limodzi, imabwera pang'onopang'ono, pafupifupi K70,000 pa tsiku. Akanyamuka Lachiwiri adzapezeka ku Mponela ali ndi ndalama yosafika ngakhale theka la katundu amene akufuna. Ayenera kudikira mpaka kumapeto kwa sabata, kapena kupita kawiri n'kuonjezera K15,000 ina ya ulendo. Choncho pamene zotuluka za sabata zaposa kwambiri zoyambira, funsani kuti ndalama yaikuluyo ikutuluka tsiku liti.

Chakumba dzenjeli n'chiyani

Tikapeza sabata yovuta, timabwerera m'mbuyo kukafufuza chimene chaibweretsa. Kawirikawiri sichikhala m'sabata yomweyo.

Mbali ya zolowa ikuonetsa malonda akutsika Januwale yense: K350,000, kenako K300,000, kenako K270,000. Izi sizodabwitsa kwa munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi. Ogula athu ambiri ndi alimi a fodya, soya, mtedza ndi chimanga. Mu Januwale ndalama zawo zili m'munda, zapita ku feteleza ndi kwa aganyu opalira, nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo msika wa fodya ku Kanengo nthawi zambiri umatsegulidwa cha mu Epulo. Amene ankagula paketi ya shuga tsopano akugula woyeza pa kapepala, ndipo opempha ngongole akuchuluka.

Mbali ya zotuluka ndiyo ili ndi nkhani yeniyeni. Kupatula katundu, ulendo ndi za pakhomo za sabata ndi sabata, pali zolipira zitatu zikuluzikulu zimene zatsatizana. Sabata 4, teremu yachiwiri ikutsegulidwa, ndipo fizi, makope ndi zina za ana awiri zikutenga K200,000. Sabata 5, feteleza wobereketsa ndi aganyu a kumunda kwa mayiyu akutenga K180,000. Sabata 6, mwini sitolo ya ku Mponela akudikira K100,000 ya katundu wina amene anamupatsa pa ngongole nthawi ya Khirisimasi. Zonse pamodzi ndi K480,000 m'masabata atatu, ndipo zikugwa pa nthawi imene malonda akutsika.

Tsopano yang'ananinso K450,000 imene inatsala sabata 3. Usiku umene mayiyu adzaiwerenge adzaona ngati walemera, ndipo mtima udzafuna malata kapena foni yatsopano. Koma tebulo likumuuza kuti ndalama yonseyo ili kale ndi eni ake, ndipo sikukwanira n'komwe. Phunziro lalikulu la tebulo lolosera lagona pamenepa: sabata imene kabati yadzaza kwambiri ndi imene muyenera kuyang'ana masabata atatu akutsogolo musanatapemo.

Pali masamu ena amene tikufuna kholo lililonse lichite. M'masabata asanu ndi atatuwa mwalowa K3,380,000. Zimene golosale yadya payokha, kutanthauza katundu, maulendo ndi lendi, ndi K2,800,000. Yasiya K580,000. Koma banja latapamo K740,000: ya pakhomo K360,000, ya sukulu K200,000 ndi ya kumunda K180,000. Kusiyana kwake ndi K160,000, ndipo n'chifukwa chake mayiyu anayamba ndi K180,000 n'kutsiriza ndi K20,000. Golosale sikuluza. Banja ndi limene latapa kuposa zimene golosale yabereka m'nyengo imeneyi. Kutapa si kulakwa, pakuti golosale anaitsegulira ana omwewo, koma aliyense amene amasiya za pakhomo kunja kwa tebulo amadzinamiza yekha.

Liyeseni tebulo ndi funso lakuti "nanga zikapanda kutero?"

Manambala a m'tebulo lolosera sali ofanana mphamvu. Lendi, fizi ndi ngongole ya ku Mponela ndi zotsimikizika, tsiku lake ndi kuchuluka kwake zikudziwika. Malonda ndi kubweza kwa angongole ndi zongoyembekezera. Choipa n'chakuti zotsimikizika zambiri zili mbali yotuluka, zokayikitsa zili mbali yolowa. Ndiye tisanalikhulupirire tebulo, tiligwedeze kaye.

Mu K410,000 ya sabata 7 muli K150,000 ya apantchito amene akuyembekezeka kubweza ngongole. Nanga malipiro awo akachedwa ndi sabata imodzi? Ndalamayo isamukira ku sabata 8, ndipo zotsala za sabata 7 zichoka pa −K30,000 kufika pa −K180,000. Dzenje lakula kawiri, ndipo lakulira sabata ya lendi.

Mitengo ya ku sitolo yaikulu nayonso imasintha. Amene anali ndi magolosale mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira kuti ndalama imene anagulitsira katundu wakale sinakwanire kudzazanso mashelefu omwewo. Mukamva kuti shuga kapena mafuta ophikira akwera, konzani mzere wa zotuluka tsiku lomwelo.

Kope la chaka chatha limathandiza poyerekeza malonda, koma musalikopere sabata ndi sabata. Khirisimasi ndi kutsegulira sukulu zimabwera nthawi yofanana, koma Ramadani ndi Idi zimafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo mvula ikachedwa, kupalira ndi kuthira feteleza nazonso zimachedwa.

Kukwirira dzenje lisanafike

Ubwino wa mayi wathuyu ndi wakuti waliona dzenjeli kudakali masabata asanu. Ali ndi nthawi yokambirana ndi anthu, ndipo munthu amene wabwera kudzakambirana tsiku lisanafike amamvedwa bwino kuposa amene wabwera kudzapepesa litadutsa.

Choyamba, potenga katundu wa ngongole ku Mponela apemphe kuti K100,000 ija adzalipire sabata 8 m'malo mwa sabata 6. Akalola, sabata 6 itha ndi K10,000 ndipo sabata 7 itha ndi K70,000. Chachiwiri, ngati kusukulu amalola kulipira pang'onopang'ono, apereke K120,000 potsegulira ndipo K80,000 aimalize sabata 8. Tsopano sabata 5 itha ndi K120,000, sabata 6 ndi K90,000, sabata 7 ndi K150,000. Chizindikiro chochotsera chachoka paliponse.

Koma taonani sabata 8: ikadali pa K20,000. Kusuntha tsiku lolipira sikubereka ndalama, kumangosalaza msewu. Kuti sabata 8 ikwere pamafunika kuchepetsa zotuluka zenizeni. Banja likagwirizana kutapa K40,000 pa sabata m'malo mwa K45,000 kuyambira sabata 1, pofika sabata 8 lasunga K40,000, ndipo zotsala zikhala K60,000, pamwamba pa malire aja. Sabata 7 ifika pa K185,000, moti ngakhale apantchito aja achedwe ndi K150,000 yawo, patsalabe K35,000 lendi italipidwa.

Pali njira ziwiri zimene anthu amathamangira akadzidzimuka, ndipo zonse zimakulitsa dzenje. Yoyamba ndi kudula katundu woyenda msanga. Ukasiya kuoda shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira, ogula amapita pa golosale ina n'kukagula komweko zina zonse, ndipo zolowa za sabata yotsatira zimagwa. Ngati pafunika kudula, dulani katundu amene amagona pa shelefu mwezi wathunthu. Yachiwiri ndi katapila. Tinene kuti mayiyu watenga K90,000 sabata 6 kuti adzabweze K135,000 pakatha mwezi. Dzenje la Januwale latsekeka, koma wakumba lina lalikulu pakati pa Febuluwale, mwezi umene malonda amakhala atafookeratu. Kwa ife Asilamu nkhaniyi ndi yodziwika kale, chifukwa chiwongoladzanja ndi riba ndipo n'choletsedwa, koma ngakhale masamu okha akukana. Ngati kubwereka sikungapeweke, tebulo limakuuzani zoti mukanene kwa m'bale amene angakubwerekeni popanda chiwongoladzanja: ndalama zingati, kuyambira sabata iti, kubweza sabata iti. Mukagwirizana, lembani pa pepala pali mboni.

Loweruka lililonse madzulo

Tebulo lolosera silipachikidwa pa khoma n'kuiwalika. Mukatseka golosale Loweruka, werengani ndalama ya m'kabati ndi ya pa foni, muilembe pambali pa nambala imene munalosera. Ngati munalosera K240,000 koma mwapeza K205,000, K35,000 yosowayo iyenda nanu masabata onse otsatira, choncho ichotseni pa zotsala za sabata iliyonse yakutsogolo muone ngati dzenje layandikira. Kenako fufuzani: kodi malonda anatsika, kodi ngongole za m'kope zakula, kapena wina anatapa ya ndiwo osalemba? Kusiyana kukachitika masabata awiri otsatizana mbali imodzimodzi, ndiye kuti kuyerekeza kwanu kunali kokoma mopitirira, lembaninso tebulo lonse. Sabata imodzi ikatha, onjezani ina pansi kuti nthawi zonse muziona masabata asanu ndi atatu kutsogolo.

Ntchito ya ophunzira

Gwiritsani ntchito tebulo loyamba lija, lisanakonzedwe.

1. Mvula yagwa sabata yonse ndipo zolowa za sabata 5 zatsika kufika pa K250,000. Lembaninso zotsala za masabata 5 mpaka 8. Dzenje likuyamba sabata iti, ndipo ndi lakuya bwanji?
2. Sabata 3 mayiyu wagula malata a K150,000. Kodi chizindikiro chochotsera chiyamba kuoneka sabata iti?
3. Ngati kwanu kuli golosale, okala, kapena malonda a mandasi kapena tomato, pemphani makolo kuti mulembe nawo tebulo la masabata anayi akubwerawa. Musaiwale mzere wa za pakhomo.

Mayankho a funso 1 ndi 2 mubweretse kwa aphunzitsi a Bizinesi. Tebulo la funso 3 ndi la banja lanu, lisiyeni kunyumba. Makolo amene angafune kuti tiwathandize kulemba tebulo lawo loyamba atipeze kusukulu, atatenga kope la ngongole ndi malisiti a katundu wa mwezi watha.